Maluwa m'mbali, pakati poyera: kulembera makina malangizo a khadi la ukwati

Khadi la ukwati wa kwathu kuno silikhala la mawu awiri. Limayamba ndi mabanja, la kuchimuna ndi la kuchikazi, ndipo kawirikawiri banja lililonse limatchulidwa ndi mudzi wake, mfumu yake yaikulu ndi boma lake. Kenako pamabwera maina a akwati, tsiku, tchalitchi kapena mzikiti ndi nthawi yodalitsa ukwati, holo ya madyerero ndi nthawi yake, mtundu wa zovala umene akwati asankha, vesi, ndipo pansi penipeni manambala a foni a anthu awiri kapena atatu a komiti. Zonsezi ziyenera kukwana pa kapepala kamene ndi theka chabe la pepala la mu ofesi, ndipo agogo akumudzi ayenera kuziwerenga osatsinzinira diso limodzi.

Kuyambira m'chaka cha 2022, pamene mapulogalamu a AI ojambula zithunzi monga DALL-E 2, Midjourney ndi Stable Diffusion anafika m'manja mwa anthu wamba, mkombero wa maluwa wozungulira mawuwa sufunanso katswiri wa burashi. Mlongo wa mkwatibwi akhoza kuupanga pa foni ali khale pa khonde. Amalemba m'kabokosi zimene akufuna, n'kudikira kanthawi kosakwana mphindi, chithunzi n'kutuluka. Ambiri amene amayesa koyamba amakondwa ndi maluwawo, ndipo chimwemwecho chimatha akayamba kufufuza poika maina. Maluwa adzaza paliponse. Pakati pali zilembo zosawerengeka zimene palibe anazipempha. Mwina khadi lajambulidwa litagona pa tebulo, chopendekera, pambali pake pali envulopu ndi mphete.

Maluwa si ovuta, makinawa amawadziwa bwino. Chovuta ndi malo opanda kanthu a pakati, ndipo munthu wolemba malangizo ayenera kuthera nzeru zake pamenepo.

Chifukwa chake makina amadzaza pakati

Ambiri mwa mapulogalamuwa amayamba ndi chithunzi cha timadontho tokhatokha, chofanana ndi mpunga umene TV imaonetsa mlongoti ukasokonekera. Kenako amachotsa timadonthoto pang'onopang'ono, kambirimbiri, ndipo nthawi iliyonse amakankhira chithunzicho kuti chifanane ndi mawu amene mwalemba. Kufananako anakuphunzira pa zithunzi mamiliyoni ambirimbiri za pa intaneti, chilichonse chili ndi mawu ochifotokoza. Tsono ganizirani za zithunzi zimene anthu amajambula. Pafupifupi chilichonse chili ndi chinthu chofunika pakati: nkhope, galimoto, duwa, keke. Makina anazolowera kuti pakati ndi pamene pamakhala nkhani. Mukawauza za maluwa osanena komwe maluwawo akhale, amawaika pomwe anazolowera.

Zilembo zosawerengeka zija zimachokera komweko. Zithunzi za pa intaneti zofotokozedwa kuti ndi makhadi oitanira anthu ku ukwati pafupifupi zonse zili ndi maina kale, chifukwa ogulitsa amaonetsa khadi lomalizidwa. Zambiri anazijambula zitayalidwa pa tebulo lokongoletsedwa kuti zikope ogula. Choncho munthu akalemba chonchi:

```
beautiful floral wedding invitation, no text
```

amalandira ndendende zimene mawuwo amayenda nazo: khadi, tebulo, mthunzi, riboni, ndi mizere yooneka ngati zolemba. Mawu otsiriza aja, oletsa zolemba, nthawi zambiri sathandiza. Mapulogalamu ambiri samva bwino kukana. Amagwira liwu lakuti `text` n'kulitsata, kaliwu kokanira kaja n'kungodutsa. Atsopano ena amamva kukana bwinoko kuposa akale, komabe njira yodalirika pa onse ndi imodzi: nenani chimene mukufuna kuti chioneke. Musati pakati pasakhale zolemba. Nenani kuti pakati pakhale poyera, posalala, popanda kanthu, ngati kuti kuyerako ndi chinthu chojambulidwa.

N'chifukwa chake ine ndimalangiza kuti liwu lakuti `invitation` lisalowe n'komwe m'malangizo. Chimene mukupempha kwa makina si khadi. Mukupempha mkombero wokha. Khadi mudzalipanga ndinu, mukadzaika mawu.

Yambani ndi rula, makina pambuyo

Tiyerekeze ukwati wa mwezi wa Okutobala ku Zomba. Komiti yagwirizana kuti mitundu ndi pepo ndi woyera, makhadi osindikiza akhale a alendo olemekezeka ndi achibale akuluakulu, ena onse alandire pa WhatsApp. Khadi ndi la saizi ya A5, kutanthauza mamilimita 148 m'lifupi ndi 210 m'litali.

Ntchito yoyamba si kutsegula pulogalamu. Ndi kulemba mawu onse a pa khadi, ankhoswe a mbali zonse n'kuwaona ndi kuwavomereza. Mu ukwati wathuwu mawu atuluka mizere 16 ya zilembo zing'onozing'ono, kuphatikizapo mizere iwiri ya maina a akwati m'zilembo zikuluzikulu. Zilembo za saizi 11, zimene munthu wamkulu amawerenga mosavuta, zimafuna mamilimita pafupifupi 6 pa mzere uliwonse kuti zisapanikizane. Mizere 16 yatenga 96. Maina awiri aja, lililonse mamilimita 15, atenga 30. Mipata yolekanitsa za kutchalitchi ndi za kumadyerero ndi za manambala itenge 20. Zonse pamodzi ndi mamilimita 146, tingoti 150. Pa khadi lotalika 210, maluwa atsala ndi 30 pamwamba ndi 30 pansi.

M'lifupi, mzere wautali kwambiri ndi umene umalamula. Kawirikawiri umakhala wa dzina la holo kapena wa mudzi ndi mfumu. Pa saizi 11, chilembo chimadya pafupifupi mamilimita awiri, choncho mzere wa zilembo 45 umafuna mamilimita 90 ndi kaphindu. Onjezani mpata wa mamilimita 5 mbali iliyonse kuti mawu asakhudze masamba, mufika pa 104 kapena kuchepera pang'ono. Maluwa atsala ndi mamilimita 22 kumanzere ndi 22 kumanja.

Taonani chimene masamuwa aulula. Malo oyera a mamilimita 104 ndi 150 ndi theka la khadi lonse, ndipo m'lifupi akutenga magawo 70 pa 100. Mkombero wa mamilimita 22 ndi wopyapyala, sukuposa kwenikweni kunenepa kwa chala chachikulu. Duwa lalikulu ngati la rozi lotambasuka silingakwanemo osalowerera m'mawu. Munthu amene wayamba wayeza amadziwiratu kuti akufuna maluwa ang'onoang'ono m'mbali, ndipo ngati akufuna aakulu awaike m'ngodya, momwe mizere ya mawu imakhala yaifupi. Amene sanayeze amasankha chithunzi chokongola, kenako amachepetsa zilembo mpaka saizi 7 kuti zikwane, ndipo khadi limafika kwa amalume osawerengeka. Pamenepa sindinyengerera: maluwa ndiwo achepe, zilembo zisachepe.

Maluwa ati?

Mukangolemba kuti maluwa, makina amakupatsani a m'makhadi a ku Ulaya ndi ku Amereka, chifukwa ndiwo anachuluka m'zithunzi zimene anaphunzirapo: marozi a pinki wofuwa ndi timasamba totuwa ta bulugamu. Si oipa. Koma akhala pa makhadi ambirimbiri, ndipo sakunena kanthu za akwati athu a ku Zomba. Makinawa amadziwa maluwa ena ambiri, amangofuna kuwatchulira dzina.

Okutobala ndi nyengo imene jakaranda amakhala atavala pepo m'misewu ya Zomba, Blantyre ndi Lilongwe, ndipo bogeniviliya amakhala atatsanulira pa mipanda. Bogeniviliya ndi woyenera kwambiri pa mkombero wopyapyala, chifukwa chilengedwe chake ndi kuyanga motsatira mpanda, ndipo timaluwa take ndi tating'ono. Akwati athu asankha iyeyo, pamodzi ndi furanjipani, duwa loyera lachikasu pakati limene limamera m'mabwalo a nyumba zambiri ndi m'malo ogona alendo kunyanja. Mitundu iwiri ya maluwa ndi masamba, basi. Mukatchula isanu, makina amaisakaniza, n'kutulutsa duwa la masamba a uyu pa thunthu la uyo.

Pali chinthu china chimene munthu wa kuno ayenera kusamala nacho, chimene makina sangachidziwe. M'zithunzi za kunja, maluwa opota mozungulira ngati nkhata ndi chizindikiro cha chikondwerero, ndipo pulogalamu ikhoza kukupatsani nkhata yotere ngakhale simunaipemphe. Kwathu nkhata ya maluwa timaidziwa kwambiri kumanda. Nkhata yozungulira ya maluwa oyera, pakati pali dzina ndi tsiku, imakumbutsa anthu pulogalamu ya maliro, ndipo azakhali akaiona adzanena. Choncho nenani momveka kuti mkombero ukhale wa ngodya zinayi, ndipo pewani liwu lakuti `wreath`.

Malangizo enieni

Ambiri mwa mapulogalamuwa amamva Chingerezi kuposa chilankhulo china chilichonse, ndipo Chichewa amachiphonya kwambiri. Nawa malangizo a ukwati wathu uja, olembedwa m'kalembedwe ka Midjourney:

```
flat watercolour floral border, rectangular frame,
purple bougainvillea trailing along the outer edges,
white frangipani against dark green leaves, top left and bottom right corners,
large empty plain white centre, about 70% of the width,
pure white background, evenly lit, scanned artwork
--ar 5:7 --no text, letters, envelope, table, shadow
```

Mzere woyamba ukunena chinthucho: mkombero wa maluwa wa ngodya zinayi, wojambulidwa ndi penti wa madzi, wosalala. Liwu loyambirira lija, `flat`, pamodzi ndi mawu otsiriza a mzere wachisanu, onena za chojambula chosikanidwa pa kuwala kofanana ponseponse, ndi amene amachotsa tebulo ndi kupendekera. Amauza makina kuti tikuyang'ana pepala mwachindunji, osati chithunzi cha kamera cha khadi lili penapake. Penti wa madzi ndamusankha dala. M'mphepete mwake mumasungunukira m'pepala loyera mwachibadwa, ndipo zolakwika zing'onozing'ono za makina sizioneka kwambiri ngati mmene zimaonekera pa maluwa ofanana ndi a kamera.

Mzere wachiwiri ndi wachitatu ukupatsa duwa lililonse malo ake. Bogeniviliya ayange m'mbali. Furanjipani akhale m'ngodya ziwiri zoyang'anana, ya pamwamba kumanzere ndi ya pansi kumanja. Pali zifukwa ziwiri zosapemphera ngodya zonse zinayi zofanana. Choyamba, makinawa sadziwa kufananiza mbali ziwiri ndendende. Amayandikira chabe, ndipo diso la munthu limagwira msanga mbali zimene zikufuna kufanana koma zalephera. Kusiyana kochita dala kumaoneka kwaluso. Chachiwiri, ngodya ziwiri zopepuka zimasiya mpata wa manambala a foni pansi kumanzere, kapena wa vesi pamwamba.

Masamba obiriwira modera kumbuyo kwa furanjipani sali pamenepo pofuna kukongoletsa chabe. Duwa loyera pa pepala loyera limasowa. Pulinta wamba alibe inki yoyera. Paliponse poyera pa chithunzi amangosiya pepala. Chimene chimaonetsa duwa loyera ndi mdima womuzungulira. Ndipo mukasindikiza pa khadi la kirimu, furanjipani wanu adzakhala wa kirimu.

Mzere wachinayi ndiwo mtima wa malangizo onse, ndipo ukunena chinthu chimodzi m'mawu anayi: pakati pakhale pakulu, popanda kanthu, posalala, poyera. Kubwerezako n'kofunika chifukwa tikulimbana ndi chizolowezi cha makina chija. Nambala ya 70 ija musaidalire kwambiri. Makinawa alibe rula. Amaimva ngati kunena kuti pakulu ndithu, ndipo akhoza kukupatsani 55 kapena 80. Kuyeza kwenikweni kudzachitika chithunzi chikatuluka.

Mzere wotsiriza si mawu ofotokoza, ndi malamulo a pulogalamu. `--ar 5:7` akunena maonekedwe a pepala, kuti likhale loimirira, magawo 5 m'lifupi pa magawo 7 m'litali. Mukapanda kunena, Midjourney amatulutsa chithunzi chofanana mbali zonse, ndipo mkombero wotere simungausandutse A5 popanda kudula maluwa kapena kuwakoka n'kukhala ngati aphwanyidwa. `--no` ndi khomo lapadera lokanira zinthu, ndipo limagwira ntchito mosiyana ndi kulemba kukana m'chiganizo: pulogalamu imakankhira chithunzi kutali ndi zimene zatchulidwa pamenepo. Mu Stable Diffusion khomo lomweli ndi kabokosi kolembedwa kuti `Negative prompt`. Ngati pulogalamu yanu ilibe zonsezi, chotsani mzerewo, sankhani pepala loimirira pa mabatani ake, ndipo dalirani mizere isanu yapamwambayo.

Ena amalemba kuti kumbuyo kukhale kooneka kudutsa, pofuna kuti adzaike maluwawo pa mtundu uliwonse. Mapulogalamu ambiri satha zimenezi. Amangojambula timabokosi totuwa ndi toyera timene mapulogalamu a zithunzi amaonetsera malo oonekera kudutsa, ndipo timabokosito timakhala mbali ya chithunzi, timasindikizika. Pemphani kuyera. Kuyera n'kosavuta kuchotsa pambuyo pake.

Chithunzi chikatuluka

Malangizo omwewo amatulutsa chithunzi chosiyana nthawi iliyonse, chifukwa timadontho toyambira tija timasintha. Choncho chithunzi chimodzi choipa sichitanthauza kuti malangizo ndi oipa. Onani zingapo. Ngati zonse zili ndi vuto limodzi, vuto lili m'mawu, ndipo sinthani chinthu chimodzi chokha kenako muyesenso. Mukasintha zinthu zitatu pakamodzi, simudziwa chimene chathandiza.

Mu ukwati wathu uja, tinene kuti zithunzi zoyamba zatuluka ndi nthambi za bogeniviliya zolendewera kuchokera pamwamba mpaka pomwe pakhale dzina la mkwati. Chachititsa ndi liwu lakuti `trailing`, limene limatanthauza kuyanga komanso kulendewera. Mulichotse, mulembe `narrow band of purple bougainvillea`, kutanthauza kalamba kopyapyala ka bogeniviliya. Ngati pakati patuluka utoto wofuwa wa pinki kapena timadontho ta penti, penti wa madzi ndiye wabwera nazo, popeza ojambula ambiri amawaza timadontho pa pepala. Onjezani `splatter` pa zokanidwa zija.

Kenako yesani kukula kwa pakati. Tsegulani tsamba la saizi ya khadi mu Canva, mu Word kapena mu pulogalamu iliyonse yoyalira masamba, ikani chithunzicho kuti chidzaze tsamba, ndipo jambulani bokosi la mamilimita 104 ndi 150 pakati. Ngati bokosi lagwera poyera pokhapokha, mwapeza. Ngati tsamba limodzi kapena awiri alowa m'bokosi, afufuteni. Mapulogalamu ambiri ali ndi chida chopaka malo amodzi kuti makina ajambulenso pomwepo pokha, ndipo ngakhale burashi yoyera wamba imagwira. Ngati maluwa alowa mbali zonse, chisiyeni chithunzicho ngakhale chikhale chokongola bwanji. Kuphimba maluwa ndi bokosi loyera kumasiya masamba odulidwa mowongoka, ndipo aliyense amaona.

Tsopano kulitsani chithunzi pa sikirini, muyende m'mbali monse pang'onopang'ono, ngati mukuyendera mpanda. Furanjipani weniweni ali ndi timasamba ta duwa tisanu topiringizana. Makina amakonda kupereka tisanu ndi kamodzi kapena tisanu ndi tiwiri, mwinanso maluwa awiri omatana pa mtima umodzi wachikasu. Pa bogeniviliya, zimene timaziona za pepo zija ndi timasamba topyapyala ngati pepala, titatu pamodzi, tozungulira timaluwa toyera tating'ono kwambiri. Ngati zatuluka zofanana ndi marozi ang'onoang'ono, makina asokoneza. Fufuzani timitengo tosachokera kulikonse, masamba oyandama okha, ndiponso m'ngodya za pansi, momwe makina nthawi zina amaika kasiginecha kabodza poyerekeza ojambula amene anaphunzirako. Pa foni zimenezi sizioneka. Pa pepala, m'manja mwa mlendo amene wakhala pa benchi kudikira akwati, zimaoneka.

Chomaliza pa sikirini ndi kuyera kwa pakati. Diso limanyengeka: pooneka poyera pakhoza kukhala potuwa pang'ono, kapena pa kirimu mbali imodzi. Gwiritsani ntchito chida chotola mtundu, mugunde pakati ndi m'mbali mwa malo oyera. Kuyera kwenikweni kumawerengeka `#FFFFFF`. Mukapeza ngati `#F6F3EE`, pulinta adzawaza timadontho ta inki pa malo onsewo, ndipo khadi lidzaoneka lakuda ngati lagwidwa ndi manja a fumbi. Kwezani kuwala kwa malo owala mpaka pafike poyera. Ngati akwati akufuna kirimu, gulani khadi la kirimu, musapemphe pulinta kuti apake kirimu.

Kwa osindikiza

Apa ndi pomwe makhadi ambiri okongola amaonongekera, ndipo funso limodzi lofunsidwa msanga limapulumutsa ndalama: kodi adzasindikiza pa pepala lanji?

Malo osindikizira aakulu amagwiritsa ntchito pepala lalikulu kuposa khadi, monga la SRA3 la mamilimita 320 ndi 450 limene limanyamula makhadi anayi a A5, kenako amadula ndi mpeni wa makina. Mpeniwo umaphonya pang'ono, choncho chithunzi chiyenera kupitirira malire a khadi ndi mamilimita 3 mbali iliyonse, kuti mpeni ukaphonya pasatsale kamzere koyera. Tsamba lanu likhale la mamilimita 154 ndi 216. Kukula kumeneku kumagwirizana pafupifupi ndendende ndi 5:7 uja, ndipo n'chifukwa chake tinamusankha. Kumbukirani kuti mamilimita atatu akunja adzadulidwa, ndiye furanjipani wokongola kwambiri asakhale m'mphepete menimeni.

Malo ang'onoang'ono a pa tauni, amene amachitanso fotokope ndi kumata zikalata, nthawi zambiri ali ndi pulinta wa A4. Pepala la A4 limanyamula makhadi awiri a A5 popanda chotsala, ndipo pulinta wotere amasiya mamilimita anayi kapena asanu osasindikiza m'mphepete. Mkombero wofika m'mphepete umatuluka ndi mpata woyera mbali zitatu, mbali yachinayi, yodulira pakati ija, ilibe. Ngati mudzasindikiza kotere, chepetsani chithunzi chonse kuti patsale mpata woyera wa mamilimita 6 mbali zonse, ndipo sankhani mkombero umene maluwa ake sanadulidwe ndi malire a chithunzi. Pa malangizo, onjezani `thin white margin around the border`. Dziwani kuti mpata umenewu udya gawo la maluwa, osati la mawu: bokosi la 104 ndi 150 lija likhale momwemo.

Kenako pali kuthwa kwa chithunzi. Osindikiza amafuna timadontho 300 pa inchi, ndipo pa tsamba la 154 ndi 216 zimenezi ndi mapikiselo 1819 m'lifupi ndi 2551 m'litali. Mapulogalamu ambiri amatulutsa chithunzi cha mapikiselo pafupifupi 1000 m'lifupi, chimene pa khadi lathu ndi timadontho 165 okha pa inchi. Pa foni chimaoneka chakuthwa, pa pepala masamba amaoneka ngati ali mu nkhungu. Batani lolembedwa `Upscale` limakulitsa chithunzi kawiri, kufika pafupi 2000, ndipo apo zakwana. Mukakulitsa yang'ananinso maluwa ndi pakati, chifukwa pokulitsa makina amaonjezera tinthu tawo. Ndipo chithunzi chopita kwa osindikiza chisakhale chojambula pa sikirini, chisadutsenso pa WhatsApp ngati chithunzi wamba, chifukwa amachifinya. Chitumizeni ngati `Document`, kapena chinyamuleni pa fulashi.

Mtundu nawo umasintha. Sikirini imapanga mitundu ndi kuwala, pulinta amapanga ndi inki zinayi, ndipo pepo wowala ndi umodzi mwa mitundu imene inki imalephera kufikira. Amatuluka wakudako, nthawi zina wopendekera ku buluu, nthawi zina ku kufiira. Golide ndiye sasindikizika n'komwe pa pulinta wamba. Chimene chimanyezimira pa foni chimatuluka chikasu chodera, chifukwa kunyezimira kwenikweni kumafuna kachitsulo kopyapyala komatidwa ndi makina ena, pa mtengo wina. Komiti imene yasankha golide imve zimenezi isanalipire. Pemphani khadi limodzi loyesera, pa pepala lenileni limene mudzagwiritse ntchito, lolemera magalamu 250 kapena 300, mutuluke nalo panja pa dzuwa, muliyandikize ku nsalu ya anamwali operekeza. Ngati pepo wasemphana, osindikiza akhoza kumukonza asanatulutse mulu wonse.

Mawu aikeni nokha

Mapulogalamu atsopano ayamba kulemba zilembo zowerengeka, ndipo wina angafunse chifukwa chovutikira kusiya pakati poyera. Yankho lili pa maina. Makina amalemba bwinoko mawu ochepa a Chingerezi amene anawaona kambiri. Mizere 16 ya Chichewa, ya maina a mabanja ndi midzi ndi manambala a foni, amaiphonya: chilembo chimodzi chasowa apa, nambala yasintha apo. Ndipo zilembo zimene makina ajambula ndi mbali ya chithunzi. Holo ikasintha, kapena wa komiti akasintha nambala, n'kovuta kukonza mzere umodzi wokha. Mukajambulitsanso chonse, maluwa akhoza kusabwera omwewo. Mawu olembedwa pamwamba pa chithunzi mu Canva kapena mu Word amakonzeka m'kamphindi, amatuluka akuthwa pa pepala, ndipo mkombero womwewo umagwiranso ntchito pa khadi la chinkhoswe, pa pulogalamu ya kutchalitchi ndi pa makhadi othokoza.

Posankha zilembo, mitundu iwiri yakwana: yopota ya maina a akwati okha, ndi yowongoka ya zina zonse. Manambala a foni ndi nthawi zisalembedwe m'zilembo zopota, chifukwa 1 ndi 7 amafanana. Mtundu wa zilembo ukhale wakuda kapena pepo wakuda kwambiri, wotengedwa pa bogeniviliya pomwepo ndi chida chotola mtundu chija. Ngati dzina la banja kapena la mudzi lili ndi chilembo cha ŵ, liyeseni msanga, popeza zilembo zopota zambiri zilibe, ndipo pulogalamu imaika kabokosi kapena chilembo cha mtundu wina pakati pa dzina.

Sungani khadi lomalizidwa ngati PDF kuti zilembo zisasinthe pa kompyuta ya osindikiza. Khadi loyesera lija lipite kwa ankhoswe a mbali zonse ziwiri, aliyense awerenge maina a kwawo mokweza chilembo ndi chilembo, ndipo wina aimbe manambala onse a pa khadi, imodzi ndi imodzi, aone ngati akuyankha ndi eni ake.